MAFUNSO A KOLERA PA MAYESO: YANKHO LOONA LILI MU MTSUKO

Palibe wophunzira za ukhondo ndi umoyo wa m'madera amene angayembekeze kutsiriza maphunziro ake osakumana ndi funso la kolera. Kaya ndi ku Malawi College of Health Sciences, kaya ndi ku sukulu ya ukachenjede ya MUBAS imene kale inkatchedwa Polytechnic, funsoli silisintha kwenikweni. Limanena kuti matenda abuka m'mudzi wakutiwakuti, ndipo wophunzira afotokoze zimene angachite pa nkhani ya madzi, zimbudzi ndi kuletsa kufala kwa matendawo.

Yankho limene limafulumira kubwera m'mutu ndi lodziŵika kale: anthu amwe madzi aukhondo, agwiritse ntchito chimbudzi, asambe m'manja ndi sopo, adye chakudya chotentha. Zonsezi ndi zoona. Koma mau ameneŵa ngakhale mwana wa Sitandade 5 angathe kuŵalakatula, ndipo mudzi umene muli munthu wotsegula m'mimba usiku uno sungapulumuke nawo.

Yankho loyenera malikisi onse ndi limene likusonyeza zinthu zitatu: choyamba kuchitika ndi chiti, muyeso wake ndi wotani, ndipo wa zaumoyo adzadziŵa bwanji kuti ntchito yake yagwira. Wophunzira amene wandandalika mfundo khumi popanda zitatuzi sadakonzeke kupita kumudzi, ndipo wochonga mayeso amene wamkhozetsa walakwira anthu amene wophunzirayo adzakaŵatumikira.

Chimene mliri wapita udaphunzitsa

Kolera si mlendo m'dziko muno. Mliri umene ukuzungulirabe dziko lapansi udayambira ku Indonesia mu 1961, nufika mu Afrika mu 1970, ndipo m'Malaŵi matendaŵa adaoneka koyamba mu 1973. Kuyambira apo akhala akubweranso, makamaka m'nyengo ya dzinja. M'dzinja la 2001 mpaka 2002 adagwira anthu oposa 33,000.

Mliri woposa yonse udayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022, dziko litangosautsidwa ndi namondwe wa Ana, ndipo wina wa Gombe ali m'njira. Chodabwitsa chidali chakuti matendawo sadaleke m'chilimwe monga mwa chizoloŵezi. Adafika m'maboma onse, ndipo pa 5 Disembala 2022 Boma lidalengeza kuti ili ndi tsoka la dziko pa za umoyo. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa. Podzafika kumapeto, odwala adali pafupifupi 59,000 ndipo omwalira adaposa 1,700. Boma la Blantyre lidali limodzi mwa maboma amene adavutika koposa.

Chiŵerengero choyenera kuchisinkhasinkha ndi ichi: pa odwala 100 aliwonse, pafupifupi atatu adamwalira. Chikhalirecho kolera akasamalidwa bwino sayenera kupha ngakhale munthu mmodzi pa 100. Anthu a m'dziko muno uthenga wa madzi abwino ndi zimbudzi adaumva kalekale. Pa mliri wotere chimene chimalekanitsa moyo ndi imfa ndicho kufulumira, dongosolo ndi muyeso, ndipo izi ndizo mayeso ayenera kufufuza mwa wophunzira.

Chileka ndi Lirangwe ngati bwalo la funso

Wofuna kulemba funso labwino sasoŵa kopita, pakuti madera a Chileka ndi Lirangwe ali ndi zonse. Ndi dera lotsika ndi lotentha poyerekeza ndi mzinda wa Blantyre, m'maiko a mafumu monga Kuntaja, Kunthembwe, Lundu ndi Chigaru. Mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe imadutsa m'menemo popita kukathira mu Shire. Madzi ambiri a mumzinda amatungidwa ku Walker's Ferry pa Shire, nakwezedwa ndi makina kudzera pa Chileka, koma midzi yambiri ya m'derali imadalira mijigo, zitsime ndi mitsinje. Msika wa Lirangwe uli pa mseu waukulu wa M1, ndipo anthu oloŵa ndi otuluka mumzinda amadutsapo tsiku ndi tsiku.

Tsono nali funso lopeka, lofanana ndi amene angabwere pa mayeso. Mudzi wina m'mbali mwa mtsinje wa Lirangwe uli ndi anthu 600. Mjigo wao udaonongeka mwezi watha. Theka la anthu likutunga m'tizitsime tokumba mumchenga wa mumtsinje, ndipo theka lina likupita ku mjigo wa mudzi woyandikana nawo. Pa masiku anai a mwezi wa Januwale anthu 12 atsegula m'mimba mwa madzi okhaokha. Woyamba kudwala, bambo wachikulire, adamwalirira kunyumba ndipo adaikidwa mwa mwambo wonse. Wophunzira afotokoze zochita.

Tsiku loyamba si la chimbudzi

Wophunzira amene ayamba yankho lake ndi kumanga zimbudzi wasokoneza dongosolo. Kolera amapha potha madzi m'thupi, ndipo munthu wamphamvu angathe kumwalira pa maola oŵerengeka. Ntchito yoyamba ya wa zaumoyo, ngakhale iye sali dokotala, ndiyo kuonetsetsa kuti odwala ayamba kumwa Thanzi pomwepo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndi kuti amwebe ali pa njira yopita kuchipatala. Amene maso aloŵa, amene walefuka kapena akulephera kumwa, ameneyo afunika diripi, ndipo asagonetsedwe kudikira kuti kuche. Ngati chipatala cha Lirangwe chili kutali ndi mudziwo, pakhale malo omwetsera Thanzi m'mudzi momwemo.

Ntchito yachiŵiri, tsiku lomwelo, ndiyo kudziŵitsa ofesi ya zaumoyo ya boma. Pano ophunzira ambiri amapunthwa polemba kuti adzadikira zotsatira za kuyeza. Munthu wa zaka ziŵiri kapena kuposerapo akatsegula m'mimba mwa madzi nafooka kwambiri chifukwa cha kutha madzi m'thupi, kapena akamwalira nako, ameneyo amaganiziridwa kale kolera. Chimbudzi cha odwala oyamba chitengedwe ndithu kuti kachirombo ka Vibrio cholerae katsimikizidwe, koma ntchito yoteteza mudzi iyambe yankho lisadabwere.

Ntchito yachitatu ndiyo kaundula ndi mapu. Wodwala aliyense alembedwe pa mzera wake: zaka zake, banja lake, tsiku limene adayamba kudwala, kumene amatunga madzi, ndiponso kumene adapita ndi zimene adadya masiku asanu apitawo. Masiku asanu sadangosankhidwa. Kolera amaonekera pakati pa maola oŵerengeka ndi masiku asanu chiloŵereni kachirombo m'thupi, motero gwero lake liyenera kufunidwa m'nthaŵi imeneyo.

Kaundulayu ndiye amalankhula. M'funso lija odwala 12 pa anthu 600 ndiye kuti aŵiri pa 100 agwidwa, ndipo imfa imodzi pa odwala 12 ndi pafupifupi 8 pa 100, chizindikiro chakuti thandizo likuchedwa. Mwina kaundulayo asonyeza kuti odwala 9 amatunga kumtsinje ndipo atatu kumjigo. Popeza mbali iliyonse ili ndi anthu 300, otunga kumtsinje agwidwa atatu pa 100 pamene otunga kumjigo agwidwa mmodzi pa 100. Mtsinje ndiwo woyamba kuukayikira. Koma wophunzira wochenjera afunsanso za atatu aja, ndipo akapeza kuti onse adasambitsa mtembo kapena adadya pamaliro, wapeza njira yachiŵiri ya matendawo.

Mu 1854 dokotala John Snow adalondola imfa za kolera mumzinda wa London kufikira pa mjigo wa mumseu wa Broad, ndipo chogwirira cha mjigowo chidachotsedwa. Ophunzira amaikonda nkhani imeneyi, koma aisamale. Mtsinje wa Lirangwe ulibe chogwirira choti munthu achotse. Kuletsa anthu kutunga popanda kuŵapatsa madzi ena ndi kungolankhulira mphepo.

Masamu a klorini

Apa ndi pamene funso la kolera liyenera kukhalitsa, chifukwa madzi akumwa ndiwo chinthu chimene wa zaumoyo angathe kuchisintha tsiku limodzi. Mau akuti "ndidzathira klorini m'madzi" sayenera kulandira malikisi mpaka wophunzira atanena kuti klorini wamtundu wanji, wochuluka bwanji, ndipo adzamthira pati.

Ufa wa HTH uli ndi mphamvu ya 65 mpaka 70 peresenti, ndipo suthiridwa m'madzi akumwa monga uliri. Uyamba wasungunulidwa kuti ukhale klorini wa 1 peresenti. Masamu ake ndi aŵa: peresenti yofunika igaŵidwe ndi peresenti ya ufa, kenaka ichulukitsidwe ndi 1,000, ndipo yankho lake ndiwo magalamu othira mu lita imodzi. Kugaŵa 1 ndi 70 ndi kuchulukitsa ndi 1,000 kumapereka 14 ndi kanthu pang'ono, ndicho chifukwa chake amati magalamu 15, ndiyo supuni yaikulu imodzi yosefula. Ufa ukakhala wa laimu wa klorini, umene mphamvu yake ndi pafupifupi 30 peresenti, pamafunika magalamu 33. Wophunzira amene adangoloŵeza 15 osadziŵa kumene idachokera adzasungunula mankhwala ofooka ndi theka tsiku limene adzapatsidwa chitini china.

Klorini wosungunulayo asungidwe m'chigubu cha pulasitiki chotsekeka, chosaloŵa dzuŵa. Asaikidwe m'chitini chachitsulo, pakuti klorini amadya chitsulo nathera pomwepo mphamvu. Chigubucho chilembedwe tsiku, ndipo mankhwala asagonere masabata ambiri. Ufa nawonso umafooka ukasungidwa potentha kapena pachinyontho.

Funso lotsatira ndi lakuti mu ndowa ya malita 20 muthiridwe wochuluka bwanji. Yankho loona ndi lakuti madziwo ndiwo anene. Madzi aliwonse ali ndi zinyalala zosaoneka zimene zimayamba zadya klorini, ndipo wotsala pambuyo pake ndiye amapha tizirombo ndi kuteteza madzi mpaka amwedwe. Madzi a mumtsinje amadya klorini wambiri kuposa a pamjigo, ndipo mtsinje womwewo umasintha mvula ikagwa.

Njira yopezera muyeso ndi ya ndowa zinai. Wa zaumoyo atunge ndowa zinai za malita 20 pa malo omwe anthu amatunga. Ndi sirinji yopanda singano athire mamililita 2 m'ndowa yoyamba, 3 m'yachiŵiri, 4 m'yachitatu ndi 5 m'yachinai. Atakase, adikire mphindi 30, kenaka ayeze klorini wotsala ndi kachida koyezera ndi piritsi la DPD, limene limafiiritsa madzi molingana ndi kuchuluka kwa klorini.

Mililita imodzi ya klorini wa 1 peresenti ili ndi mamiligalamu 10, motero ndowa zinaizo zalandira mamiligalamu 1, 1.5, 2 ndi 2.5 pa lita. Mwina zotsatira zake zikhala 0, 0.2, 0.7 ndi 1.2. Ndowa yoyamba ndi yoopsa kuposa zonse, chifukwa mwini wake akhulupirira kuti madzi ake ali ndi mankhwala pamene klorini yense wadyedwa. Yachiŵiri ikadakwanira nthaŵi ya mtendere, pamene 0.2 mpaka 0.5 amaloledwa, koma pa mliri pafunika 0.5 mpaka 1.0 patapita mphindi 30. Yachinai yapitirira, ndipo fungo lake lithamangitsa anthu kubwerera ku madzi osathira. Muyeso wa pa malo amenewo ndi mamililita 4.

Madzi akakhala amatope, klorini amalephera, popeza tizirombo timabisala m'dothi. Madzi otere ayambe akhazikika, atsanulidwe mosamala ndi kusefedwa ndi nsalu yoyera, ndipo muyeso upezedwe pa madzi osefedwawo. Wophunzira akumbukirenso kuti pH akaposa 8 klorini amachedwa kugwira, ndipo nthaŵi yodikira iyenera kutalikitsidwa.

Masamu otsiriza amasonyeza pamene pali vuto lenileni. Anthu 600, aliyense malita 15 pa tsiku, afuna malita 9,000, ndizo ndowa 450. Ngakhale ndowa zonse zitalandira mamililita 4, pangapite mamililita 1,800, osakwana malita aŵiri. Malita aŵiri afuna magalamu 30 a ufa, ndipo pa masiku 30 ndiwo magalamu 900. Kilogalamu imodzi yokha ikwanira mudzi wonse mwezi wathunthu. Chosoŵa kaŵirikaŵiri si ufa ai, koma munthu wophunzitsidwa woti akhale potungira madzi kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, nathira ndowa iliyonse. Yankho labwino linene kuti munthu ameneyo adzachokera kuti, kaya ku komiti ya zaumoyo ya m'mudzi kapena ku komiti ya mjigo, ndi kuti mlangizi wa zaumoyo adzamuyendera kangati.

Otunga kumjigo asasiyidwe. Madzi a pamjigo angatuluke abwino, koma amaipitsidwa ndi zala zogwira m'kamwa mwa ndowa, masamba oika pamwamba kuti madzi asatayike, ndi kapu imene aliyense amaviika mu mtsuko. Ndipo pempho loti mjigo wakufa ukonzedwe lipite tsiku loyamba lomwelo, chifukwa kuthira ndowa ndi ntchito ya kanthaŵi chabe.

Umboni uli m'nyumba

Akulu adati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Klorini amene wagaŵidwa, nalembedwa m'lipoti kuti mabanja 120 alandira, ameneyo ndi fodya wa pachala. Wa pamphuno ndi amene akupezeka mu mtsuko umene mwana akumwamo.

Chifukwa chake yankho la wophunzira lisathe asadanene kuti adzaloŵa m'nyumba zingapo tsiku lililonse, nadzapempha madzi akumwa monga apemphera mlendo, ndi kuyeza omwewo. Madzi amene agona tsiku limodzi ayenera kukhalabe ndi klorini wosachepera 0.2. Akapezeka opanda kanthu, zifukwa zake ndi zoŵerengeka ndipo zingathe kufufuzidwa chimodzichimodzi. Mwina mankhwala adafooka padzuŵa. Mwina mtsinje wadetsedwa ndi mvula ndipo muyeso wakale wachepa. Mwina mtsuko ndi wakuda m'kati kapena ndi wosavundikira. Mwinanso mai wa pakhomopo adatunga usiku wothira atachoka, kapena banjalo likukana fungo ndipo lili ndi mtsuko wina kuchipinda. Chifukwa chilichonse chili ndi mankhwala akeake, ndipo osayeza sangadziŵe kuti agwire pati.

Zimbudzi, chonyansa cha wodwala ndi maliro

Kunena kuti tsiku loyamba si la chimbudzi sikupeputsa chimbudzi. Kolera amachokera m'chonyansa cha munthu, ndipo ambiri otenga kachiromboka sadwala konse koma amakatulutsa kwa masiku angapo. Nkhani ndi ya nthaŵi. Chimbudzi chokhazikika chimatenga masiku ambiri kuti chimangidwe, ndipo m'dzinja maenje a m'dothi lamchenga amagumuka. Wophunzira asiyanitse zochita sabata ino ndi zochita chaka chino.

Za sabata ino ziyambire pa wodwala, chifukwa chonyansa chake ndi masanzi ake ndimo muli tizirombo tochuluka koposa. Zimenezi zilandiridwe m'ndowa, zithiridwe klorini wa 2 peresenti, ndiye magalamu 30 a HTH pa lita, ndipo zitayidwe m'chimbudzi kapena m'dzenje lokwirira. Zovala ndi zofunda zake zisakachapidwe kumtsinje. Ziviikidwe mu klorini wa 0.2 peresenti kapena ziŵiritsidwe. Wosamalira wodwala asambe m'manja ndi sopo kapena ndi klorini wa 0.05 peresenti, ndiye magalamu 15 mu malita 20. Miyeso itatuyi siyenera kusokonezedwa. Wa 2 peresenti amapsereza khungu, wa 0.05 sangagonjetse chonyansa, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene uli wakumwa.

Mabanja opanda chimbudzi abwerekane ndi anansi, kapena pakumbidwe ngalande ya kanthaŵi yokwirira ndi dothi nthaŵi iliyonse. Wopita kumunda atenge khasu, akumbe ndi kukwirira. Chonyansa cha ana chitayidwe m'chimbudzi, pakuti chikhulupiriro chakuti cha mwana chilibe matenda chaphetsa ambiri. Chimbudzi chatsopano chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a pansi pa nthaka. Muyeso wotsirizawu uŵerengedwe pa madzi a m'dzinja, osati a mu Okutobala pamene adatsika.

Maliro ndiwo mbali yovuta koposa, ndipo funso lililonse la kolera liyenera kukhala nayo. Mtembo wa womwalira ndi kolera utsukidwe ndi klorini wa 2 peresenti, potulukira madzi patsekedwe ndi thonje loviika mu klorini yemweyo, ndipo uikidwe msanga. Ogwira mtembo asagwire chakudya. Pasiŵa pakhale madzi othira klorini ndi posambira m'manja mothirirana, osati beseni limodzi la khamu lonse, ndipo ngati kuphika sikungapeŵeke, chakudya chidyedwe chikadali chotentha.

Koma malamulo okha sakwanira. Mu 2023 m'madera ena a dziko lino anthu adaukira zipatala chifukwa cha mphekesera zokhudza odwala ndi mitembo ya kolera. Wophunzira amene walemba kuti adzayamba wakhala pansi ndi a mfumu, eni mbumba, adzukulu ndi atsogoleri a mpingo, ndi kuti abale adzaloledwa kuona nkhope ya malemu ndi kupemphera, wasonyeza nzeru yoposa wolemba kuti adzaletsa maliro. Mtembo umene abale aubisa poopa a zaumoyo ndiwo umafalitsa matenda.

Mayankho oyenera kuchotsera malikisi

Pali zochita zina zimene zimaoneka zamphamvu koma phindu lake ndi lochepa, ndipo ochonga asaziyamikire chifukwa cha kuzoloŵereka. Choyamba ndi kupopera klorini pa makoma ndi pabwalo pa nyumba ya wodwala. Opopera amafika matenda atafala kale, banja limachita manyazi, ndipo mawa lake ena amabisa odwala. Kuli bwino kupatsa banjalo sopo ndi klorini ndi kuliphunzitsa kutsuka lokha.

Chachiŵiri ndi kumwetsa mudzi wonse mapiritsi opha tizirombo. Chitetezo chake ndi cha masiku oŵerengeka, ndipo kachirombo kamazoloŵera mankhwalawo. Chachitatu ndi kutseka miseu. Chipata pa mseu wa M1 sichingagwire munthu wonyamula kachirombo amene sakudwala. Chachinai ndi kukhuthulira klorini m'chitsime chosatetezedwa kamodzi n'kuchoka. Madzi atsopano amaloŵa, ndowa zakuda zimaviikidwa, ndipo mphamvuyo siikhalitsa.

Katemera wakumwa wa kolera ali ndi malo ake, ndipo adagwiritsidwa ntchito pa mliri wa 2022 ndi 2023. Koma mu Okutobala 2022 kuchepa kwake pa dziko lonse kudachititsa kuti pa mliri anthu azilandira kamodzi m'malo mwa kaŵiri. Katemera amatenga nthaŵi kuti afike ndiponso kuti ayambe kuteteza. Wophunzira amtchule ngati wothandiza, osati ngati woloŵa m'malo mwa madzi abwino.

Kwa amene angatsutse

Ena adzati kachida koyezera ndi mapiritsi ake sizipezeka pa chipatala chilichonse, ndiye n'kufunsiranji zimene wophunzira sadzazigwira. Kusoŵako kumachitikadi, ndipo pamene palibe choyezera wa zaumoyo atsate muyeso umene Unduna wa Zaumoyo walangiza, pamodzi ndi kulimbikitsa kuŵiritsa madzi. Koma amene sadaphunzire kuyeza sadzapempha konse chida choyezera, ndipo sadzazindikira kuti akugwira ntchito mumdima. Ndi wodziŵa masamu yekha amene angalembere mkulu wake kuti pafunika kilogalamu imodzi ya ufa, masirinji anai ndi mapiritsi okwanira mwezi.

Ena adzati kolera adzatha ndi mipopi ndi zimbudzi, osati ndi sirinji. Izi ndi zoona kotheratu, ndipo maiko amene adathetsa kolera adatero ndi madzi a m'mipope ndi ngalande zotaya zonyansa. Funso labwino lisiye malo oti wophunzira anene za mijigo yokonzedwa nthaŵi yake, thumba la ndalama la komiti ya mjigo, ndi chimbudzi cholimba pa banja lililonse. Koma anthu 600 a m'funso lija amwa madzi usiku uno, ndipo ndi amoyo okha amene adzaone mpopi ukubwera.

Pempho kwa aphunzitsi ndi ophunzira

Aphunzitsi alembe mafunso okhala ndi mudzi, chiŵerengero cha anthu, mtundu wa madzi ndi mphamvu ya ufa, ndipo malikisi ambiri apite ku dongosolo, muyeso ndi umboni. Koposa apo, wophunzira aliyense asalandire dipuloma asadaimepo pa mtsinje ndi ndowa zinai, sirinji ndi choyezera, aphunzitsi akuona. Lunzu ndi Lirangwe sizili kutali ndi mzinda, ndipo zipangizo zake si zodula.

Ophunzira nawo, poŵerenga funso la kolera, adzifunse pa mfundo iliyonse kuti ichitika liti, ndi muyeso wanji, ndipo idzayezedwa motani. Chakudza sichiimba ng'oma. Dzinja likubwerali wina mwa iwo adzaitanidwa ku mudzi wa kwa Kuntaja kapena kwa Chigaru, ndipo kumeneko wochonga sadzakhala mphunzitsi, koma mtsuko wa madzi m'nyumba ya wodwala.